Kodi m'mawa umatha nthawi yanji? Momwe moni amatsatira nthawi m'zilankhulo zosiyanasiyana

Munthu amene wayamba kuphunzira chilankhulo chachilendo amapatsidwa moni atatu pa tsamba loyamba la buku, wina wam'mawa, wina wamasana ndi wina wamadzulo, ndipo amaganiza kuti nkhani yatha. Chisokonezo chimayamba akakumana ndi eni chilankhulowo. Wa ku Sipeni amupatsa moni wam'mawa nthawi ili 1:30 masana, wa ku Tete amulandira ndi mawu amene iye ankayesa otsanzikana pokagona, ndipo Mngerezi amuyang'ana modabwa atamuuza kuti "good night" pofika pakhomo. Palibe amene walakwitsa chilankhulo chake pamenepa. Chimene chachitika n'chakuti zilankhulo zimasiyana pa zinthu zinayi: chimene moniwo amanena, chimene chimaika malire pakati pa m'mawa ndi masana, kuchuluka kwa zigawo za tsiku, ndiponso kusiyanitsa mawu okumanirana ndi mawu otsanzikirana.

Moni wofunsa ndi moni wofunira zabwino

Moni wa nthawi za tsiku ali m'mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi funso lokhudza nthawi imene yadutsa kale, wina ndi mafuno abwino okhudza nthawi imene ilipo kapena ikubwera. Chichewa chili mu mtundu woyambawo. Tikati "Mwadzuka bwanji?" sitikutchula m'mawa ayi, tikufunsa za usiku umene munthu watulukamo, ndipo tikati "Mwaswera bwanji?" tikufunsa za maola amene wakhala ali maso kuchokera pamene kunacha. Ku Chipata ndi ku Lusaka mumva "Mwauka bwanji?" ndi "Mwachoma bwanji?", kumpoto kwa Malawi mumva "Mwawuka uli?" ndi "Mwatandala uli?", koma maganizo ake ndi amodzimodzi. Kachitidwe kameneka kafala kwambiri mu Afirika. Mshona amafunsa kuti "Marara sei?" ndi "Maswera sei?", Mganda wa ku Kampala amafunsa kuti "Wasuze otya?" ndi "Osiibye otya?", ndipo ngakhale Mhausa wa kumpoto kwa Nigeria, amene chilankhulo chake si chachibale ndi chathu, ali ndi "Ina kwana?" wofunsa za usiku ndi "Ina wuni?" wofunsa za tsiku.

Zilankhulo zambiri za ku Ulaya zili mu mtundu wachiwiri. "Good morning" wa Chingerezi, "bom dia" wa Chipwitikizi ndi "guten Morgen" wa Chijeremani ndi zidutswa za ziganizo zazitali zakale zimene zinkapempha Mulungu kuti apatse munthu m'mawa kapena tsiku labwino. M'kupita kwa zaka mawu ena anagwa, n'kutsala awiri okha. Popeza si funso, moni wotere safuna yankho lofotokoza kanthu, ndipo wopatsidwayo amangobweza mawu omwewo. Chiarabu chinakongoletsa kubwezako: wina akati "sabah al-khayr", kutanthauza m'mawa wa zabwino, mnzake amayankha kuti "sabah an-nur", m'mawa wa kuwala.

Kusiyana kumeneku kumabala zotsatira zimene mabuku ophunzitsira zilankhulo sakonda kuzitchula. Funso limafuna kuti wofunsayo aime ndi kumva yankho, ndiye chifukwa chake kwathu munthu angathe kuyankha kuti "Ndadzuka pang'ono" kapena "Tadzuka, koma mwanayu sanagone", ndipo nkhani ya matenda imayambira pomwepo. Amene waponya "Mwadzuka bwanji?" akudutsa osatembenuka amaoneka wamwano, pamene Mngerezi woponya "morning" akuthamangira sitima sanaphwanye mwambo uliwonse. Chinanso n'chakuti funso la momwe munthu wadzukira limayenera makamaka anthu amene amaonana kawirikawiri, monga apabanja, oyandikana nawo nyumba ndi ogwira nawo ntchito. Mlendo amene mwatha naye miyezi musanaonane mumamufunsa kuti "Muli bwanji?" ngakhale kutakhala kum'mawa, chifukwa chimene mukufuna kumva si usiku umodzi wokha. Choncho pa Chichewa nthawi ya tsiku si yokhayo imene imasankha moni, koma kutalika kwa nthawi imene mwakhala musanaonane kumalowapo. Mafuno abwino a ku Ulaya alibe tsankho limeneli, poti "bom dia" yemweyo amapita kwa mayi wokubala ndi kwa munthu amene mwangokumana naye pamzere wa kubanki.

Dzuwa, chakudya ndi wotchi

Malire a moni ndi nthawi imene anthu amasiya mawu ena n'kuyamba ena. Pali zinthu zitatu zimene zimaika malirewo, ndipo chilankhulo chilichonse chimatsamira ku chimodzi kuposa zinzake. Tingaziyerekeze ndi malire a minda: mudzi wina umazindikira malire ndi chulu ndi mtengo wa mkuyu, ndipo aliyense amadziwa pamene munda wake wathera ngakhale kuti sangaloze mzere weniweni, pamene malo ena ali ndi zikhomo za simenti zimene anaika oyeza malo. Dzuwa ndi chakudya zili ngati chulu ndi mkuyu, wotchi ili ngati chikhomo cha simenti.

Dzuwa ndilo lakale kuposa zonse. Mawu athu a nthawi amachitira umboni zimenezi: tambala woyamba, mbandakucha, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka, chisisira. Kudera ngati Lilongwe dzuwa ndi wotchi sizikangana kwenikweni, chifukwa chaka chonse limatuluka pakati pa 5 koloko ndi cha m'ma 6 koloko, n'kulowa pakati pa cha m'ma 5:20 ndi 6:20 madzulo. Munthu wokulira kuno sakhala ndi chifukwa chodzifunsa ngati madzulo amayamba ndi mdima kapena ndi 6 koloko, popeza ziwirizi zimabwera pamodzi. Ku London zinthu sizili choncho. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mu Juni limalowa 9 koloko usiku itadutsa. Amalawi ogwira ntchito ku Mangalande amadabwa kumva "good afternoon" kunja kuli mdima wa bii nthawi ili 4:30 m'nyengo yozizira, kenaka "good evening" dzuwa likuswa mtengo nthawi ili 7 koloko m'nyengo yotentha. Chingerezi chinasankha wotchi, ndipo n'zomveka, chifukwa moni wotsata dzuwa kumeneko akanamasuntha ndi maola oposa asanu pa chaka.

Komatu ngakhale wotchiyo sinabwere ndi malire okhazikika kuyambira pachiyambi. Liwu lakuti "noon", limene lero limaimira 12 koloko masana ndipo ndilo limadula pakati pa "good morning" ndi "good afternoon", linachokera ku Chilatini, pomwe linkatanthauza ola lachisanu ndi chinayi kuwerengera kuchokera pa kutuluka kwa dzuwa, ndiye kuti cha m'ma 3 koloko masana. Inali nthawi ya mapemphero a amonke, ndipo inasunthira pang'onopang'ono m'mbuyo mpaka, pofika cha m'zaka za m'ma 1300, inakhazikika pakati pa usana. Ngakhale pamenepo mzinda uliwonse unali ndi 12 koloko yakeyake yotengera dzuwa lake, moti Bristol inkatsalira ndi mphindi 10 poyerekeza ndi London. Zimene zinathetsa izi ndi njanji. Kampani ya Great Western Railway inayamba kugwiritsa ntchito nthawi ya London m'chaka cha 1840, lamulo linakhazikitsa nthawi imodzi ku Mangalande konse mu 1880, ndipo msonkhano wa mayiko umene unachitikira ku Washington mu 1884 unasankha Greenwich, dera la mumzinda wa London, kukhala poyambira kuyeza nthawi. Chizolowezi choyang'ana pa mkono munthu asanasankhe moni, kapena chodzikonza kuti "good morning, pepani, good afternoon" pa 12:05, ndi mwana wa mbiri imeneyi, ndipo chinafika kwathu kudzera m'sukulu, m'maofesi ndi pa wailesi.

Chakudya ndicho chachitatu, ndipo chitsanzo chake chomveka bwino ndi Sipeni. Kumeneko "buenos días" amapitirira mpaka anthu atadya nkhomaliro, ndipo nkhomaliro imadyedwa cha m'ma 2 koloko kapena kupitirira. Kenaka "buenas tardes" amatenga malo mpaka cha m'ma 8 kapena 9 koloko, pamene "buenas noches" amayamba. Alendo ambiri amangoti anthu a kumeneko amachedwa pa chilichonse, koma nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mzinda wa Madrid uli kumadzulo kwa Greenwich, kotero mwachilengedwe unayenera kuyendera nthawi imodzi ndi London, koma mu Malichi 1940 boma la Francisco Franco linakankhira mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi, ndipo sanabwezedwenso. M'nyengo yotentha amawonjezerapo ola lina. Zotsatira zake n'zakuti mu Juni wotchi ya ku Madrid imawerenga chimodzimodzi ndi ya ku Lilongwe, koma dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 11:45 ku Lilongwe ndipo cha m'ma 2:15 ku Madrid. Ndiye kuti wa ku Madrid amene akunena "buenos días" pa 1:30 sakunama, poti dzuwa lake silinafike pamutu. Wotchi ndiyo inasuntha, koma mimba ndi moni zinatsalira pa dzuwa.

Pa Chichewa malire apakati pa "Mwadzuka bwanji?" ndi "Mwaswera bwanji?" ndi ofewa, ndipo amatsamira ku tanthauzo la funsolo. Munthu sangafunsidwe momwe waswerera asanaswere, choncho moniwu amayamba kumveka dzuwa likafika pamutu kapena anthu akaweruka kumunda, ndipo amakhala mpaka usiku. Pa 11 koloko ena afunsabe za kudzuka, ena ayamba kale za kuswera, ndipo palibe amene amakwiya.

Kodi tsiku limagawidwa pangati?

Funso lina ndi la kuchuluka kwa zigawo. Buku lophunzitsira likaika mizere itatu, ya m'mawa, masana ndi madzulo, limakhala latengera Chingerezi n'kukakamiza zilankhulo zina kulowa m'mizereyo. Chifalansa cha ku Falansa chili ndi moni awiri okha okumanirana: "bonjour" kuyambira kum'mawa mpaka cha m'ma 5 kapena 6 koloko, ndi "bonsoir" kuyambira pamenepo. Mawu akuti "bon matin" amamveka ku Quebec m'dziko la Canada, koma ngakhale kumeneko alipo owadzudzula kuti ndi Chingerezi chovala malaya a Chifalansa. Chiarabu nachonso chili ndi awiri, ndipo "masa al-khayr" amagwira masana ndi madzulo omwe. Chichewa chili m'gulu lomweli, popeza "Mwaswera bwanji?" amakwanira pa 2 koloko masana ndi pa 8 koloko usiku.

Chijeremani chili ndi atatu, koma osafanana ndi a Chingerezi. "Guten Morgen" amatha msanga, cha m'ma 10 kapena 11 koloko, ndipo "guten Tag" amanyamula mbali yaikulu ya usana mpaka cha m'ma 6 koloko, pamene "guten Abend" amalowa. M'maofesi ndi m'mafakitale muli wina wapadera wa nthawi ya nkhomaliro, "Mahlzeit", amene kwenikweni ndi liwu la chakudya, ndipo anthu amapatsana akakumana panjira yopita kukadya. Chiindoneziya chimafika pa anayi: "selamat pagi" m'mawa, "selamat siang" dzuwa likakwera, "selamat sore" kuyambira cha m'ma 3 koloko mpaka kulowa kwa dzuwa, ndi "selamat malam" kukada. Chiyoruba cha ku Nigeria nachonso chimasiyanitsa m'mawa, masana, chakumadzulo ndi usiku. Ndipo kumalekezero enawo kuli zilankhulo zimene moni wake wamkulu sasamala za nthawi n'komwe, monga "sawubona" ndi "sanibonani" pa Chizulu, "dumela" pa Chitswana ndi Chisutu, "annyeonghaseyo" pa Chikoreya, ndi "assalamu alaikum" amene Asilamu amapatsana ku Mangochi monga momwe amachitira ku Cairo.

Chiswahili chiyenera kutchulidwa padera chifukwa cha amalonda amene amawoloka pa Songwe kupita ku Dar es Salaam. Moni wake ndi wosavuta, "habari za asubuhi", "habari za mchana" ndi "habari za jioni", koma kawerengedwe ka maola n'kosiyana. Ola loyamba la tsiku, "saa moja asubuhi", ndi 7 koloko m'mawa, chifukwa kuwerenga kumayambira pa kutuluka kwa dzuwa, ndipo 12 koloko masana ndi "saa sita". Munthu akauzidwa kuti basi inyamuka "saa mbili asubuhi" n'kufika pa 2 koloko usiku, adzadikira maola asanu ndi limodzi, chifukwa nthawi imene anauzidwayo ndi 8 koloko.

Kukumana ndi kutsanzikana

Apa ndi pamene ophunzira amapunthwa kwambiri. Mawu ena a nthawi ndi otsegulira kucheza, ena ndi otsekera, ndipo maonekedwe awo sasonyeza kuti ali mbali iti. Pa Chingerezi "good morning", "good afternoon" ndi "good evening" ndi olandirirana, koma "good night" ndi wotsanzikirana basi. Wolandira alendo pa hotelo amanena kuti "good evening" ngakhale mlendo atafika 11 koloko usiku, ndipo akanati "good night" zikanamveka ngati akumuthamangitsa. Chijeremani ndi Chifalansa zimachita chimodzimodzi ndi "gute Nacht" ndi "bonne nuit", amene amanenedwa kwa munthu wopita kukagona. Chifalansa chinapitirira apo n'kupanga awiriawiri: polowa m'sitolo mumati "bonjour", potuluka "bonne journée", pofika madzulo "bonsoir", pochoka "bonne soirée".

Chipwitikizi ndi Chisipanishi sizinaike mpanda umenewu. "Boa noite" ndi "buenas noches" amagwira ntchito pofika ndi pochoka pomwe, malinga kwada. Wowerenga nkhani pa kanema ku Maputo amayamba ndi "boa noite" n'kumalizanso ndi "boa noite". N'chifukwa chake munthu amene anakulira m'Chipwitikizi akayamba Chingerezi amalowa m'nyumba ndi "good night", ndipo amene anakulira m'Chingerezi akafika ku Mozambiki amafunafuna moni wamadzulo wapakati pa "boa tarde" ndi "boa noite", amene kulibe.

Chichewa sichisokoneza ziwirizi chifukwa galamala yokha imazilekanitsa. Pokumana timafunsa za zomwe zachitika kale, "mwadzuka", "mwaswera", ndipo polekana timafunira munthu zomwe zikubwera, "Muswere bwino", "Mugone bwino", "Muyende bwino", "Tsalani bwino". Njira yodziwira ngati mwaphonya m'chilankhulo china ndi kumvetsera yankho. Mwini chilankhulo sakonda kudzudzula mlendo, koma amayankha ndi mawu amene iye akuona kuti ndi oyenera. Mukati "buenas tardes" n'kubwezeredwa "buenos días", mwauzidwa mwaulemu kuti nkhomaliro sinadyedwe.

Moni wam'mawa amene anasiyana ndi m'mawa

Pali zodabwitsa zina zimene zimaonetsa kuti nthawi imene moni amatsata si ya kumwamba yokha, koma ya anthu amene akukumanawo. Pa Chijapanizi "ohayo gozaimasu" ndi moni wam'mawa, wochokera ku liwu lotanthauza kulawirira, ndipo amatsatidwa ndi "konnichiwa" masana ndi "konbanwa" madzulo. Koma ogwira ntchito m'malo odyera, m'mabala ndi m'nyumba za zisudzo ndi za kanema amapatsana "ohayo gozaimasu" pofika pantchito ngakhale ili 8 koloko usiku, chifukwa kwa iwo ndi moni woyambira tsiku la ntchito. Zoterezi si zachilendo kwa ife. Mlonda amene wagwira usiku wonse n'kugona mpaka 1 koloko masana angathe kufunsidwa ndi apabanja pake kuti "Mwadzuka bwanji?", ndipo funsolo likhala lolondola, poti wadzukadi kumene.

Nthawi zina moni wam'mawa amatayiratu nthawi yake. "Molo" ndi "molweni" a Chixhosa, amene amanenedwa nthawi ina iliyonse, akatswiri amati anachokera ku "môre" wa Chiafirikanzi, liwu la m'mawa. Kumpoto kwa Jeremani, cha ku Hamburg, anthu amati "moin" usana ndi usiku, ndipo alendo ochokera kum'mwera amayesa kuti akupatsidwa moni wam'mawa molakwika. Za liwu lathu lakuti "moni" pali maganizo awiri: ena amati ndi "morning" wa amishonale ndi atsamunda amene anasanduka m'kamwa mwa makolo athu, ena amalilumikiza ndi mneni wakuti kuona. Chimene chili chosakayikitsa n'chakuti lero liwuli silisankha nthawi.

Ulendo umodzi, wotchi imodzi

Tiyese zonsezi pa msewu umene Amalawi ambiri amaudziwa, wochokera ku Blantyre kupita ku Joni kudzera ku Tete ndi ku Harare. Mayiko onse anayi, Malawi, Mozambiki, Zimbabwe ndi South Africa, amayendera nthawi imodzi, maola awiri patsogolo pa Greenwich, ndipo sasintha mawotchi ndi nyengo. Wapaulendo sakhudza wotchi yake ngakhale kamodzi, kotero kusintha kulikonse kwa moni kumene akumane nako n'kwa chilankhulo chokha.

Tinene kuti basi yanyamuka pa Wenela m'mawa. Mayi wachikulire amene wakhala naye pampando samudziwa, choncho amupatsa moni wakuti "Muli bwanji, mayi?", koma kondakitala amene anaonana naye dzulo pogula tikiti angamufunse kuti "Mwadzuka bwanji, achimwene?". Pa chipata cha Mwanza angalankhule Chichewa kapena Chingerezi, ndipo akawolokera ku Zobue cha m'ma 10 koloko, wodinda mapasipoti amulonjera ndi "bom dia". Akafika mumzinda wa Tete pa 12:30 ali pa chulu chija: Chingerezi chikanati masana ayamba kale mphindi 30 zapitazo, ndipo ambiri ku Tete anena "boa tarde", koma wina amene sanadye angathe kunenabe "bom dia" osadzudzulidwa. Chanzeru apa n'kudikira kuti winayo ayambe, kenaka n'kubweza zomwezo.

Pa chipata cha Cuchamano chakumadzulo, dzuwa likadalipo, mawu ndi "boa tarde", ndipo kukanakhala kuti mzere wachedwa mpaka mdima akanasanduka "boa noite" wolandirirana. Mamita ochepa kutsogolo, pa Nyamapanda, wapolisi wa ku Zimbabwe akhoza kunena "good afternoon" kapena "good evening" malinga ndi wotchi yake, koma mayi wogulitsa zakumwa afunsa kuti "Maswera sei?". Apa Mchewa ali ngati kwawo, chifukwa funsolo akulimva, koma yankho lake lili ndi mchira wina: "Ndaswera maswerawo", kutanthauza kuti ndaswera ngati inunso mwaswera. Zimagwira ntchito imene "kaya inu" amagwira kwathu, yobweza funso kwa wofunsayo. Ku Harare usiku, polankhula Chingerezi ndi wapampope pa malo omwetsera mafuta, ayamba ndi "good evening" n'kusungira "good night" pochoka.

Povuta kwambiri ndi pa Beitbridge ngati basi yafika 2 koloko usiku. Wotchi ikuti tsiku latsopano layamba, ndipo antchito ambiri olankhula Chingerezi anena "morning", pamene wapaulendo sanagone n'komwe, moti kumufunsa momwe wadzukira kungakhale nthabwala. Chipwitikizi chili ndi dzina la maola amenewa, "madrugada", koma chilibe moni wake wokhazikika. Akadzatsika pa Park Station ku Joni n'kumva "sanibonani", funso la nthawi limangotha lokha, ndipo chotsala n'kudziwa ngati akulonjera munthu mmodzi kapena ambiri.

Mafunso amene adakalipo

Lamya ndi makalata apakompyuta zabweretsa vuto limene moni akale sanalikonzekere, lakuti wolemba ndi wowerenga sakhala pa nthawi imodzi. Namwino wa ku Manchester akamaimbira makolo ake ku Dedza mu Disembala amatsalira ndi maola awiri, mu Julayi ndi ola limodzi, ndipo wachibale wa ku America akamadzuka, kuno anthu aswera kale. Ambiri amatsata nthawi ya amene akuimbiridwayo, ndipo pa Chichewa n'zomveka chifukwa funsolo ndi la iye. Koma uthenga wolembedwa umene udzawerengedwe nthawi yosadziwika ulibe lamulo logwirizanapo. Olemba Chirasha pa intaneti anapanga moni wofunira munthu nthawi yabwino ina iliyonse ya tsiku, "dobrogo vremeni sutok", ndipo mpaka lero ena amaukonda pamene ena amauona ngati wonyansa m'khutu.

Funso lachiwiri ndi la mawu ngati "m'mawa wabwino", "masana abwino" ndi "madzulo abwino", amene akumveka pa wailesi ndi m'mauthenga apafoni. Owakana amati ndi Chingerezi chotembenuzidwa liwu ndi liwu, ndipo chikuchotsa funso limene linali mtima wa moni wathu. Owavomereza amayankha kuti muulutsi akulankhula ndi anthu amene sangamuyankhe, kotero mafuno abwino amamuyenera kuposa funso, ndipo amakumbutsa kuti "usiku wabwino" analowa kale popanda phokoso. Zilankhulo zina zinadutsamo m'zoterezi mwadala: "sawatdi" wa ku Thailand anapangidwa ndi mphunzitsi wa pa yunivesite ya Chulalongkorn m'zaka za m'ma 1930, boma linamulimbikitsa mu 1943, ndipo lero palibe amene amamuona ngati wopanga.

Lachitatu likukhudza makina. Mapulogalamu a banki ndi a pafoni amene amalonjera munthu akawatsegula amafuna nambala yeniyeni ya ola losinthira, ndipo bungwe la Unicode limasunga ndandanda yotchedwa CLDR imene imagawa tsiku pa chilankhulo chilichonse, mwachitsanzo kuika madzulo a Chisipanishi kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku. Wolemba pulogalamu ya Chichewa ayenera kusankha ngati "Mwaswera bwanji?" ayambe pa 11 kapena pa 12 koloko, ngati makina angafunse funso limene sangamve yankho lake, ndiponso chimene angalembe kwa munthu amene watsegula foni 2 koloko usiku asanagone.